Nkhunda kapena njiwa: kuzisiyanitsa pa chithunzi

Nkhunda ndi njiwa ndi mbalame za banja limodzi, limene akatswiri a zamoyo amalitcha Columbidae. Banjali lili ndi mitundu yoposa 300 padziko lonse. Zonse zili ndi mutu waung'ono, miyendo yaifupi ndi mlomo wofewa cha kumphuno. Zimamwa madzi mokoka, mlomo uli m'madzi momwemo, osadzutsa mutu monga imachitira nkhuku, ndipo zimalera ana ndi chakudya chonga mkaka chochokera m'chithokomiro cha mayi ndi bambo omwe. Sayansi siika malire pakati pa magulu awiriwa. Anthu ndiwo anazolowera kutchula zazikulu ndi zojintcha kuti nkhunda, zazing'ono ndi zowonda kuti njiwa. Komabe kusiyanaku si kwa m'maina mokha. Ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo, mbalame zambiri zotchedwa nkhunda ndi za mtundu wa Columba, pamene njiwa zodziwika kwambiri ndi za mtundu wa Streptopelia ndi abale ake, ndipo matupi a magulu awiriwa anaumbidwa mosiyana ndithu.

Kumudzi munthu savutika nazo. Ikatuluka m'khola ndi nkhunda, ikalira mumtengo kumunda ndi njiwa. Chithunzi ndicho chimasokoneza, chifukwa chimachotsa kulira, kauluke ndi kukula kwenikweni kwa mbalame. Pa foni njiwa ndi nkhunda zimadzaza galasi mofanana. Chotsala ndi maonekedwe a ziwalo, ndipo ziwalozo zimayenera kuonedwa motsatana: mchira poyamba, kenaka mlomo, kenaka khosi, thupi lonse pomalizira. Ambiri amayambira pa kukula ndi mtundu wa nthenga, zomwe ndi zinthu ziwiri zonama kwambiri pa chithunzi.

Mchira

Mchira suyezedwa pawokha. Umayezedwa poufanizira ndi nsonga za mapiko mbalame itatera n'kupinda mapikowo. Nkhunda yoweta, Columba livia, ili ndi mapiko aatali ndi amphamvu chifukwa makolo ake akutchire ankakhala m'matanthwe, n'kumauluka mitunda yaitali kukafuna chakudya. Ikapinda mapiko, nsonga zake zimafika pafupi ndi mapeto a mchira, n'kutsala masentimita awiri kapena atatu okha. Pa chithunzi chojambulidwa cha m'mbali, kachigawo ka mchira kotsalako n'kakafupi kuposa mutu wa mbalameyo. Njiwa ili ndi mapiko aafupi ndi mchira wautali poyerekeza ndi thupi lake. Mapiko amathera cha pakati pa mchira, ndipo chotsalacho chimafanana ndi mutu kapena kuuposa. Ubwino wa muyeso umenewu ndi woti sufuna rula. Mutu wa mbalameyo ndiwo rula, kaya chithunzi chakulitsidwa kaya chachepetsedwa.

Chachiwiri ndi kumapeto kwa mchira. Nkhunda yoweta ya mtundu wotuwa ili ndi mchira wotambalala wa nthenga 12, wothera ndi mzere wakuda wopingasa. Mzere wakudawo uli kunsonga kwenikweni. Njiwa zambiri zili mosemphana: chakuda chili cha kumtsinde, kunsonga kuli kowala. Njiwa ya mzere wakuda pakhosi, Streptopelia capicola, imene imalira tsiku lonse m'minda ndi m'tchire la mitengo yapatalipatali, ili ndi nsonga zoyera pa nthenga za m'mbali mwa mchira. Ikamatera kapena kunyamuka imatambasula mchira, ndipo ngodya ziwiri zoyera zimaonekera patali. Ikakhala pawaya n'kujambulidwa kuchokera pansi, kunsi kwa mchira kumaoneka koyera, ndi chakuda pang'ono cha kumtsinde. Njiwa yaing'ono ya mawanga pachifuwa, Spilopelia senegalensis, yomwe imakonda mabwalo a nyumba ndi m'mphepete mwa misewu, nayo ili ndi ngodya zoyera, koma mchira wake ndi wautaliko ndiponso wopyapyala.

Pali njiwa imodzi imene imaphwanya lamulo la zoyerali, ndipo ndiyo imasokoneza anthu ambiri. Njiwa ya maso ofiira, Streptopelia semitorquata, ndi yaikulu kuposa njiwa zina zonse za mzere pakhosi za kuno. Imapezeka kwambiri m'matauni a mitengo ikuluikulu monga Lilongwe, Zomba ndi Blantyre, komanso m'mbali mwa mitsinje. Mchira wake ulibe choyera chilichonse. Uli ndi mzere wakuda cha pakati, ndipo kunsonga kuli chigawo chachikulu chotuwa. Wofuna ngodya zoyera akazisowa amafulumira kunena kuti ndi nkhunda. Koma dongosolo la mitundu likadali la njiwa: chakuda chili mkati, chowala chili kunja. Pa nkhunda yoweta chakuda ndicho chimatseka mchira.

Njiwa ya mchira wosongoka, Oena capensis, sivuta konse. Thupi lake ndi laling'ono kwambiri, lolemera magalamu 40 okha kapena kupitirira pang'ono, koma mchira wake wakuda ndi wautali ndiponso wosongoka, wotenga pafupifupi theka la kutalika kwa mbalame yonse. Palibe nkhunda ya kuno yokhala ndi mchira wotero. Kumbali ina kuli tinjiwa ta mtundu wa Turtur, monga ka madontho obiriwira pamapiko, Turtur chalcospilos, komwe kamayenda pansi m'tinjira ta m'tchire. Timeneti tili ndi michira yaifupi, kotero muyeso wa mapiko ndi mchira suthandiza kwenikweni. Chozindikirira ndi mizere iwiri yakuda yopingasa pamsana cha kumtsinde kwa mchira, ndi nthenga zofiirira za m'mapiko zimene zimaoneka tikauluka.

Mchira umanamanso m'njira zake. Mbalame ikayang'ana kamera, mchira umabisika kapena kuoneka waufupi. Ikafulatira, umaoneka wautali kuposa mmene ulili. Nthenga zimathothoka ndi kumeranso chaka ndi chaka, ndipo njiwa imene yapulumuka m'kamwa mwa mphaka imatha kukhala milungu ingapo yopanda mchira, pakuti nthenga za banja ili zimazuka mosavuta. Nkhunda zoweta zina anthu anazisintha dala posankha zoswana. Mtundu wina uli ndi nthenga za kumchira 30 kapena kuposa, zoimirira motambasuka, ndipo Charles Darwin anautchula mu 1859 pofotokoza kuti mitundu yonse ya nkhunda zoweta inachokera ku Columba livia. Choncho muyeso wa mchira ndi wodalirika pokhapokha mbalame yajambulidwa cha m'mbali, mapiko ali opinda.

Mlomo

Ngati chithunzi chili chakuthwa mokwanira, mlomo umathetsa mkangano msanga kuposa chiwalo china chilichonse. Mbalame zonse za banjali zili ndi kanyama kofewa pamwamba pa mlomo, pamene pali mphuno. Pa nkhunda yoweta yaikulu kanyamaka n'kotupa ndiponso koyera mbuu, ngati kawazidwa ufa. Kamaonekera ngakhale pa chithunzi chojambulidwa patali, ngati kadontho koyera pakati pa mphumi ndi mlomo. Mlomo weniweniwo ndi waufupi ndi wonenepako. Pa atambala okalamba, makamaka nkhunda za mpikisano wouluka, kanyamaka kamakula n'kukhala ndi makwinya.

Njiwa za Streptopelia zili ndi mlomo wowonda, wakuda, wooneka wosalimba. Kanyama ka pamphuno kalipo, koma n'kakang'ono ndipo mtundu wake ndi wakuda kapena wotuwa moderako, wosasiyana ndi mlomo. Pa chithunzi mlomo wa njiwa umaoneka ngati wangotuluka m'nthenga za kumaso popanda chotupa chilichonse. Ngakhale njiwa ya maso ofiira, ndi kukula kwake konse, ili ndi mlomo woterewu.

Chosokoneza chachikulu pano ndi maunda. Chiunda chimene changoyamba kuuluka, cha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, sichinayere pamphuno. Kanyama kake n'kosalala, kotuwa kapena kofiirira, ndipo mlomo umaoneka wautali chifukwa nthenga za kumaso sizinadzaze. Diso lake ndi lodera, pamene la nkhunda yotuwa yaikulu ndi la mtundu wa olenji. Thupi nalo likadali lowonda. Zithunzi zambiri za "njiwa yachilendo" zimene anthu amajambula pakhonde kapena pamsika ndi za maunda. Chowaulula ndi mchira, womwe uli kale ndi mzere wakuda kunsonga, ndi mizere iwiri yakuda pa phiko. Nthawi zina pamutu ndi pakhosi pamakhalanso timaubweya tachikasu totsalira kuchokera m'chisa.

Nkhunda zakutchire zili ndi milomo yawoyawo. Nkhunda yobiriwira, Treron calvus, imene imadya nkhuyu m'mikuyu ndi m'mikachere, ili ndi mlomo wonenepa, wofiira kumtsinde ndi woyererako kunsonga. Kanyama kofiirako n'kakakulu, kotenga pafupifupi theka la mlomo. Nkhunda ya m'nkhalango za m'mapiri, Columba arquatrix, yopezeka ku Nyika, ku Viphya, ku Zomba ndi ku Mulanje, ili ndi mlomo wachikasu chowala, khungu lachikasu kuzungulira diso ndi mapazi achikasu, thupi lonse lili lakuda mofiirira ndi timadontho toyera. Mlomo wa mtundu wowala, komabe, si umboni wa nkhunda. Tambala wa njiwa ya mchira wosongoka ali ndi mlomo wachikasu kunsonga ndi wofiira kumtsinde, pa nkhope yakuda bii. Chofunika ndi kunenepa kwa mlomo ndi kutupa kwa pamphuno, osati mtundu wokha.

Khosi

Khosi lili ndi zizindikiro zokongola kwambiri, koma zimadalira kuwala ndi kakhalidwe ka mbalame pa nthawi yojambulayo. Nkhunda yoweta ili ndi khosi lonenepa lonyezimira mobiriwira cha kumwamba ndi mwa pepo cha kumunsi. Kunyezimiraku sikuchokera ku utoto wa m'nthenga ayi. Kumachokera ku kapangidwe ka tizigawo topyapyala kwambiri ta nthengazo, timene timabweza kuwala mosiyanasiyana malinga ndi mbali imene dzuwa likuchokera. N'chifukwa chake nkhunda imodzimodziyo imaoneka yobiriwira khosi pa chithunzi china, ya pepo pa china, ndipo pamthunzi kapena kukachita mitambo khosilo limangooneka lotuwa moderapo. Kunyezimira kukaoneka, ndi umboni wamphamvu. Kukasowa, sizitanthauza kanthu. Nkhunda zoyera zilibe, ndipo pa zofiirira ndi pa maunda n'kochepa kwambiri.

Njiwa za Streptopelia sizinyezimira. Chizindikiro chawo ndi mzere wakuda wopingasa kumbuyo kwa khosi, wofika m'mbali koma wosakumana kutsogolo. Pa njiwa ya Streptopelia capicola mzerewu ndi wopyapyala, wokhala ndi kamphepete koyera. Pa njiwa ya maso ofiira ndi wokulirapo. Ku Chigwa cha Shire, ku Liwonde ndi ku chigwa cha Luangwa ku Zambia kuli njiwa yachitatu ya mzere womwewu, Streptopelia decipiens. Zitatuzi zimasiyana maso. Yoyamba ili ndi diso lakuda lopanda khungu lofiira, yachiwiri diso lofiira moderako lozunguliridwa ndi khungu lofiira, yachitatu diso lachikasu m'kati mwa khungu lofiira, pa mutu wotuwa. Kwa wofuna kungodziwa ngati ndi nkhunda kapena njiwa, mzerewo wokha ndi wokwanira, popeza palibe nkhunda ya kuno imene ili nawo.

Vuto ndi loti mzerewo umabisika. Njiwa ikamapuma imabweza mutu m'mapewa, nthenga za pamsana n'kuphimba mzere wonse. Ikajambulidwa cha kutsogolo pamangooneka timadontho tiwiri takuda m'mbali mwa khosi, mwinanso osaoneka n'komwe. Ana a njiwa amayamba kuuluka mzere usanamere. Ndipo njiwa ya mawanga pachifuwa ilibiretu mzere kumbuyo. Chizindikiro chake chili kutsogolo: kachigawo ka nthenga zofiirira zothimbirira timadontho takuda, kuyambira pakhosi kufika pachifuwa, pamodzi ndi chigawo chotuwa mwabuluu m'mphepete mwa phiko.

Kunyezimira nako kuli ndi mbalame yake yophwanya lamulo. M'nkhalango zowirira za ku Mulanje ndi ku Zomba muli njiwa yoyera kumaso, ya mimba yofiirira, imene imayenda pansi m'masamba ouma, ndipo kumbuyo kwa khosi lake kumanyezimira mobiriwira ndi mwa pinki. Mabuku ena amailemba Aplopelia larvata, ena Columba larvata, ndiko kuti akatswiri ena amaiika m'gulu limodzi ndi nkhunda yoweta ngakhale dzina lake lotchuka ndi la njiwa. Mbalame imeneyi imasonyeza bwino kuti malire a magulu awiriwa ali ndi mipata.

Omwe amajambula ku Zimbabwe ndi ku South Africa amakumananso ndi nkhunda ya mawanga, Columba guinea, yomwe imakhala m'matanthwe ndi pamadenga a nyumba zitalizitali pamodzi ndi nkhunda zoweta zolowerera. Khosi lake lili ndi nthenga zogawika kunsonga, zooneka ngati timizere tofiirira ndi toyera totsika m'munsi. Kuzungulira diso kuli chigamba chachikulu cha khungu lofiira, ndipo mapiko ake ofiirira ali ndi madontho oyera. Khungu lofiiralo limachititsa ena kuisokoneza ndi njiwa ya maso ofiira, koma la njiwa ndi kamzere kopyapyala chabe, ndipo mapiko a njiwayo alibe dontho ngakhale limodzi.

Thupi lonse

Manambala amaonetsa kusiyana koonekeratu. Nkhunda yoweta imatalika masentimita 30 mpaka 35 ndipo imalemera magalamu 300 kapena kuposa. Nkhunda ya m'mapiri imafika masentimita 40. Njiwa ya Streptopelia capicola ndi ya masentimita 26 kapena 27 ndi magalamu pafupifupi 150, ya mawanga pachifuwa magalamu pafupifupi 100, ndipo ka madontho obiriwira ndi ka masentimita 20 okha. Pakati pa magulu awiriwa pali mbalame ziwiri zosemphana ndi maina awo. Njiwa ya maso ofiira imapitirira masentimita 30 ndipo imalemera magalamu pafupifupi 250, pamene nkhunda yobiriwira imaperewera pa masentimita 30. Apa njiwa ndiyo yaitali kuposa nkhunda.

Chithunzi sichinena masentimita pokhapokha pali chinthu chodziwika kukula kwake pafupi ndi mbalameyo, pa mtunda womwewo kuchokera ku kamera. Njerwa wamba ndi ya masentimita 22 kapena 23, choncho mbalame yotera pakhoma la njerwa imayezeka. Nkhuku kapena mpheta yoima pambali imathandizanso. Waya wa magetsi ndi thambo lopanda kanthu sizithandiza.

Chimene chithunzi chimasunga ndi kaumbidwe. Nkhunda ili ndi chifuwa chachikulu chotulukira kutsogolo, chifukwa cha minofu youlukira, mapewa otambalala, khosi lonenepa lolumikizana ndi chifuwa popanda malire enieni, ndi mapazi onenepa ofiira. Thupi limatha msanga kumbuyo kwa miyendo. Njiwa ndi yosalala ndi yotalika, chifuwa sichitulukira kwambiri, khosi ndi lowonda moti mutu umaoneka padera, ndipo thupi limanka licheperachepera mpaka kumchira. Nkhunda yobiriwira, ngakhale ndi yaifupi, ndi yojintcha, ya mchira waufupi ndi miyendo ya nthenga zachikasu, ndipo imakangamira nthambi mozondoka pofuna nkhuyu, zimene njiwa sizichita.

Kaumbidwe nako kamasintha. M'mawa wa mwezi wa Juni kapena Julayi njiwa imafufumitsa nthenga pofuna kutentha, n'kuoneka yonenepa kuposa nkhunda. Tambala wa njiwa akamafunsira amatupitsa khosi ndi chifuwa. Nkhunda yodzidzimuka imasalaza nthenga n'kutalikitsa khosi, n'kuoneka yowonda. Kamera ya foni ikayandikira kwambiri imakulitsa chiwalo chimene chili pafupi nayo, kaya ndi chifuwa kaya ndi mchira. N'chifukwa chake thupi limaonedwa pomalizira, ngati chotsimikizira zimene ziwalo zina zanena kale.

Chithunzi chimodzi, kuchiyenda chonse

Chitsanzo chikhale chithunzi cha mtundu wofala kwambiri: mbalame yotuwa, yonenepa, yotera pamwamba pa mpanda wa njerwa m'tauni, yojambulidwa ndi foni m'mawa wozizira, dzuwa lili kumbuyo kwake. Mutu yaubweza m'mapewa ndipo yaima cha m'mbali, mopendekera pang'ono ku kamera. Mitundu ya nthenga sikuoneka bwino chifukwa mbali yoyang'ana kamera ili mumthunzi. Poiona koyamba aliyense anganene kuti ndi nkhunda yothawa m'khola la pafupi.

Kuyeza kumayamba ndi njerwa. Kuchokera kumlomo kufika kunsonga ya mchira mbalameyo ikukwana njerwa imodzi ndi theka, kuchotsapo pang'ono, ndiko kuti masentimita 30 ndi kanthu. Kukula kumeneku kukuchotsa njiwa zing'onozing'ono zonse, n'kusiya nkhunda yoweta ndi njiwa ya maso ofiira. Streptopelia capicola sinachotsedwe kotheratu, chifukwa kupendekera kwa mbalame ndi kusiyana kwa njerwa kungabweretse cholakwa cha masentimita angapo.

Kenaka mchira. Nsonga za mapiko zathera patali ndi mapeto a mchira, ndipo chotsalacho ndi chachitali kuposa mutu. Umenewu ndi umboni woyamba wotsutsa nkhunda. Chithunzi chikawalitsidwa pang'ono pa foni, kunsonga kwa mchira kukuoneka kotuwa, kowala kuposa pakati pake. Mzere wakuda wotseka mchira palibe. Zoyera palibenso, koma apa pafunika kusamala, chifukwa mchira wopinda umabisa nthenga za m'mbali pansi pa nthenga ziwiri zapakati, ndipo ngodya zoyera za Streptopelia capicola sizioneka kuchokera pamwamba mchira uli wotseka. Komanso dzuwa la kumbuyo limatha kujambula kamzere kowala m'mphepete mwa mchira wa mbalame iliyonse, kamene si nthenga zoyera ayi.

Mlomo ukakulitsidwa ukuoneka wowonda ndi wakuda, wopanda kadontho koyera pamphuno. Ngakhale mumthunzi, kanyama koyera ka nkhunda yaikulu kakanaoneka kowala kuposa nkhope. Chotsala ndi funso la chiunda. Chiunda chotuwa chikanakhala ndi mizere iwiri yakuda pa phiko kapena mawanga akuda, ndipo mapiko ake akanafika pafupi ndi mapeto a mchira. Phiko la mbalame iyi ndi la mtundu umodzi, lakhofi moderako, lopanda mzere.

Khosi silikuonetsa kunyezimira, zomwe pamthunzi sizitsimikizira kanthu. Koma pamene mutu wakumana ndi phewa pali kadontho kakuda kotulukira m'nthenga. Kameneko ndi nsonga ya mzere wa kumbuyo kwa khosi, wobisika chifukwa mbalame yabweza mutu. Zizindikiro zitatu tsopano zagwirizana, mchira, mlomo ndi khosi, ndipo chimodzi chokha, kunenepa, ndicho chikunena za nkhunda. Kuzizira kwa m'mawa kukufotokoza kunenepako. Mbalameyo ndi njiwa.

Kuti ndi njiwa iti ndi funso lina. Mphumi yowala motuwa pa mutu wofiirira mwa pinki, chifuwa cha pinki wodera ndi msana wakuda zikuloza ku njiwa ya maso ofiira, popeza Streptopelia capicola ndi yotuwa mowala thupi lonse ndipo mimba yake ndi yoyererako. Kufiira kwa diso, kumene kunapatsa mbalameyi dzina, kawirikawiri sikuoneka pa chithunzi cha foni. Pamthunzi diso limangooneka lakuda, ndipo kudikira kuti lioneke lofiira ndiko kumalepheretsa ambiri kuizindikira.

Mbalame yoyera

Chovuta china ndi mbalame yoyera mbee, yopanda mzere, dontho kapena kunyezimira. Mbalame zoyera zimene zimaulutsidwa pa maukwati ndi pa miyambo ya mtendere m'maiko ambiri zimatchedwa njiwa, koma pafupifupi zonse ndi nkhunda zoweta zoyera, za mtundu wodziwa kubwerera kukhola. Njiwa yoyera yeniyeni iliko, yoweta m'zikwere, yochokera ku mtundu wa Streptopelia, koma sidziwa kubwerera kwawo ndipo ikaulutsidwa sikhalitsa kutchire. Pa chithunzi ziwirizi zimasiyana pa zinthu zitatu zimene mtundu wa nthenga sungabise: kutupa kwa pamphuno, kutalika kwa mchira kupitirira mapiko, ndi kukula kwa chifuwa. Nthenga zoyera zimanyezimira padzuwa mpaka kamera kulephera kuonetsa malire a phiko ndi mchira, kotero chithunzi cha pamthunzi ndicho chimathandiza.

Pali zithunzi zina zimene sizingayankhe funsoli: mbalame yoyang'ana kamera mwachindunji ili patali, kapena chithunzithunzi chakuda pawaya mchira utabisika. Kukulitsa chithunzi chotero kumangowonjezera mabala a kamera, amene amafanana ndi madontho ndi mizere ya nthenga. Wojambula amene akufuna yankho ayenera kupeza zithunzi ziwiri, dzuwa lili kumbuyo kwake iyeyo: china cha m'mbali mbalame itapinda mapiko, choonetsa mlomo ndi mchira wonse, china mchira utatambasuka pamene ikutera kapena kunyamuka. Chachiwirichi chimafuna liwiro la kamera la 1/1000 ya sekondi kapena kuposa, kapena kujambula zithunzi zambiri motsatizana pa foni n'kusankhapo chakuthwa.